Galimoto Yotha Mtengo M'buku Ikagulitsidwa: Phindu N'lingati, Ndipo Ichoka Bwanji M'kaundula?

Pikapu yomwe yathamanga zaka zisanu ndi ziwiri m'misewu ya ku Thyolo, kukwera zitunda za ku Makwasa itasenza simenti, kutsika nayo nthochi ku Thekerani, imafika poti mwini wake akuti basi, ndiigulitse isanandithere m'manja. Wogula amapezeka, makiyi amaperekedwa, ndalama zimalowa ku banki. Kenako mwini bizinesi amauza wosunga mabuku kuti galimoto ija inatha kale m'buku, palibe cholemba, mungolandira ndalamazo.

Mawu amenewa ndi amene amasokoneza mabuku a mabizinesi ambiri ang'onoang'ono, makoparetivu a alimi a tiyi, ngakhale mipingo ndi sukulu. Galimoto imene mtengo wake wa m'buku wafika pa ziro idakalimo m'buku. Ili ndi manambala awiri akuluakulu omwe akungophimbana, ndipo onse awiri ayenera kuchotsedwa ndi dzanja tsiku lomwe galimotoyo yachoka. Ziro amene mumamuona ndi zotsatira za kuchotsera basi.

Tiyerekeze kampani yaing'ono ya pa Luchenza yogulitsa zipangizo zomangira, yomwe chaka chake cha mabuku chimatha pa 31 Disembala. Pa 1 Januwale 2018 inagula pikapu pa K18,000,000. Wosunga mabuku anaganiza kuti galimotoyo igwira ntchito zaka zisanu ndipo pamapeto pake sipadzatsala kanthu kowerengeka. Choncho chaka chilichonse ankachotsa gawo lofanana, K3,600,000, n'kulilemba ngati ndalama yomwe bizinesi yawononga chakacho. Kuchotsa kwa chaka ndi chaka kumeneku ndiko akauntanti amakutcha dipulisiyeshoni. Pofika pa 31 Disembala 2022 magawo asanu aja anakwana K18,000,000, ndipo kuchotsako kunaima, chifukwa simungachotse zoposa zomwe munagulira.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti K3,600,000 ya chaka chilichonse ija sinkachotsedwa mu akaunti ya galimoto yeniyeniyo. Akaunti ya mtengo wogulira imakhala chikhalire ndi K18,000,000 yake ku mbali ya debiti kuyambira tsiku logula. Zochotsazo zimaunjikidwa mu akaunti ina yapambali, ku mbali ya kirediti, yomwe tiitche mulu wa dipulisiyeshoni. Pa balansi shiti awiriwa amakumana, wina kuchotsa mnzake, n'kutsala mtengo wa m'buku. Ndiye kuyambira 2023 leja ya kampani ya pa Luchenza ija inali ndi K18,000,000 uku ndi K18,000,000 uko, pikapu ili pamsewu tsiku ndi tsiku, ndipo zinali bwino kuti zikhale choncho. Galimoto ikadali m'manja mwanu ndipo ikugwira ntchito, simuichotsa m'kaundula ngakhale mtengo wake wa m'buku uli ziro.

Tsopano pa 30 Sepitembala 2025 pikapu ija yagulitsidwa kwa wamalonda wa ku Limbuli pa K9,500,000. Panali munthu amene anapeza wogulayo ndipo anapatsidwa komishoni ya K475,000. Kulengeza malondawo kunadya K60,000. Lamulo lowerengera, lomwe lili m'malamulo a akauntanti a padziko lonse, mu IAS 16 komanso mu gawo 17 la IFRS for SMEs, ndi lalifupi: tengani zomwe mwalandira, chotsani zomwe mwawononga kuti malondawo atheke, kenako chotsani mtengo wa m'buku wa tsiku logulitsa. Chotsalacho chikakhala pamwamba pa ziro ndi phindu, chikakhala pansi mwaluza.

```
9,500,000 - 475,000 - 60,000 = 8,965,000
8,965,000 - 0 = 8,965,000
```

Phindu ndi K8,965,000. Pa galimoto yomwe ili pa ziro weniweni, chilichonse chotsala m'manja mukalipira zogulitsira ndi phindu, ndipo masamu ake ngosavuta. Ntchito yagona polemba.

Njira yomwe simasocheretsa ndi kutsegula akaunti yongodutsira, ya kugulitsa katundu, yomwe m'mapulogalamu ambiri a mabuku imaoneka ndi dzina loti `Asset Disposal`. Zonse zokhudza galimotoyo zimadutsa m'menemo, ndipo ikamatha ntchito iyenera kutsala yopanda kanthu. Choyamba mumasamutsa mtengo wogulira: kirediti ku akaunti ya magalimoto, debiti ku akaunti yodutsira. Chachiwiri mumasamutsa mulu wa dipulisiyeshoni: debiti ku muluwo, kirediti ku akaunti yodutsira. Apa galimoto yachoka mu leja, mbali zonse ziwiri.

```
Dr Asset Disposal              18,000,000
   Cr Motor Vehicles - Cost        18,000,000
Dr Accumulated Depreciation    18,000,000
   Cr Asset Disposal               18,000,000
```

Kenako zimabwera ndalama. Zomwe wogula walipira zimalowa debiti ku banki ndi kirediti ku akaunti yodutsira. Komishoni ndi zolengeza zimalowa debiti ku akaunti yodutsira yomweyo. Mukaphatikiza mbali ziwirizo mupeza kirediti yaposa debiti ndi K8,965,000, ndipo imeneyo ndi yomwe mumaisamutsira ku akaunti ya phindu logulitsa katundu.

```
Dr Bank                         9,500,000
   Cr Asset Disposal                9,500,000
Dr Asset Disposal                 535,000
   Cr Bank                            535,000
Dr Asset Disposal               8,965,000
   Cr Gain on Disposal              8,965,000
```

Ena amalemba zonsezi mu jenala imodzi popanda akaunti yodutsira, ndipo yankho limakhala lomwelo. Komabe akaunti yodutsira ili ndi ubwino woti imadziulula yokha. Ngati kumapeto kwa mwezi mwatsala kanthu, ndiye kuti pali sitepe yomwe yadumphidwa, ndipo mudziwa pomwe muyambire kufufuza.

Tione tsopano chomwe chimachitika akangolandira ndalama monga ananenera bwana uja. Nthawi zambiri K9,500,000 imaponyedwa mu akaunti ya malonda a tsiku ndi tsiku, limodzi ndi simenti ndi malata. Izi zimatupitsa malonda a chaka ndi ndalama yomwe siinachokere pa kauntala, ndipo phindu la pa katundu wogulitsidwa limaoneka ngati lakwera pomwe silinakwere. Mwini bizinesi akaona zimenezo angaganize kuti shopu yayenda bwino, n'kuyamba kukonza chaka chamawa pa maziko abodza. IAS 16 imanena poyera kuti phindu logulitsa katundu wogwiritsa ntchito pa bizinesi lisalembedwe ngati malonda. Limaima palokha, pa mzere wa ndalama zina zolowa.

Wina wochenjera pang'ono amati, iyayi, ndalamayi ndi ya galimoto, n'kuilemba kirediti mu akaunti ya magalimoto. Apa mtengo wogulira umatsika kufika pa K8,500,000 pomwe mulu wa dipulisiyeshoni udakali K18,000,000. Galimoto yomwe kulibe tsopano ili ndi mtengo wa m'buku wa K9,500,000 pansi pa ziro. Kampani ikakhala ndi galimoto imodzi yokha, cholakwikacho chimaonekera msanga. Ikakhala ndi magalimoto anayi kapena asanu mu akaunti imodzi, nambala yolakwikayo imabisala m'kati mwa anzake, imangochepetsa mtengo wa magalimoto otsalawo mwakachetechete, ndipo phindu lonse la K8,965,000 silioneka paliponse.

Choopsa kuposa zonsezi chimagwera amene amawerengera dipulisiyeshoni pa gulu lonse nthawi imodzi. Pali osunga mabuku ambiri omwe kumapeto kwa chaka amangotenga zonse zili mu akaunti ya magalimoto n'kuchotsa 20%. Ngati K18,000,000 ya pikapu yogulitsidwa ija yatsala m'menemo, chaka chilichonse mabuku azidya K3,600,000 pa galimoto yomwe ikunyamula chinanazi cha munthu wina ku Mulanje. Ndipotu kwa wowerengera motere vutoli linayamba kale mu 2023, galimoto isanagulitsidwe n'komwe, pomwe kuchotsa kunayenera kuima koma sikunaime. Njira yodziwira ndi imodzi: phatikizani mitengo yogulira ya magalimoto onse omwe ali m'kaundula wa katundu, muyerekeze ndi leja, kenako muchite chimodzimodzi ndi mulu wa dipulisiyeshoni. Mukatha, tulukani panja mukawerenge magalimoto omwe ali pabwalo, nambala ndi nambala. Kaundula, leja ndi bwalo zikasiyana, musapitirire musanapeze chifukwa.

Mpaka pano tatenga ngati pikapu inali pa ziro weniweni. Koma mawu oti "inatha kale m'buku" ndi oyenera kuwakayikira nthawi zonse, ndipo musanalembe jenala iliyonse tsegulani kaundula muone ndi maso.

Tibwerere ku Luchenza. Tinene kuti mu Januwale 2023 injini ya pikapu ija inafa, kampani n'kugula ina pa K2,400,000. Popeza injiniyo inapatsa galimoto moyo wina, wosunga mabuku sanailembe ngati zokonzetsa wamba. Anaiika m'kaundula pa mzere wakewake, ya zaka zinayi, kutanthauza K600,000 pachaka kapena K50,000 pamwezi. Bwana akukumbukira za K18,000,000 yokha, ya injini waiwala. Koma injiniyo yapita limodzi ndi galimoto ku Limbuli, ndiye iyenera kuchoka m'buku tsiku lomwelo, ndipo iyo sinathe.

Kuyambira Januwale 2023 mpaka Sepitembala 2025 ndi miyezi 33. Pa K50,000 pamwezi, dipulisiyeshoni ya injini yafika K1,650,000, ndipo mtengo wake wa m'buku ndi K750,000. Phindu lenileni la malonda onsewa latsika:

```
2,400,000 - (33 x 50,000) = 750,000
8,965,000 - 750,000 = 8,215,000
```

Pano pali kamsampha kena. Kampani yomwe imalemba dipulisiyeshoni kamodzi pachaka idzapeza kuti mu leja muli K1,200,000 yokha, ya 2023 ndi 2024. Ya miyezi isanu ndi inayi ya 2025, K450,000, sinalembedwe. Iyenera kulembedwa kaye, debiti ku dipulisiyeshoni ya chaka chino ndi kirediti ku mulu, musanasamutse chilichonse. Mukaidumpha, mtengo wa m'buku uoneka ngati K1,200,000 ndipo phindu lituluka K7,765,000. N'zoona kuti phindu la kampani yonse pachaka silisintha, chifukwa K450,000 yomwe simunailembe uku yadzibweza uko. Koma mizere iwiri yanama: ndalama zoyendetsera galimoto zaoneka zochepa, phindu logulitsa laonekanso lochepa, ndipo tebulo la katundu lomwe maodita amafuna silidzagwirizana ndi kaundula. Kampani ina ili ndi lamulo lake loti chaka chogulitsa sichiwerengedwa dipulisiyeshoni. Ngati lamulolo linalembedwa ndipo limatsatidwa chaka ndi chaka, litsateni, koma musalipeke tsiku logulitsa pofuna kupewa masamu.

Zomwezi zimachitika ndi denga la zitsulo lomwe linawotcheredwa kumbuyo, kapena kachipangizo kolondola komwe galimoto ili. Chilichonse chomwe chinalembedwa padera m'kaundula koma chakwera nawo pa galimoto chichoke nawo. Chomwe mwamasula n'kusunga chitsale.

Njira ina yomwe galimoto "yotha" imakhalira pamwamba pa ziro ndi mtengo wotsalira. Pogula, wosunga mabuku wosamala amafunsa kuti galimotoyi tikadzathana nayo tingadzaigulitse zingati, ndipo ndalama imeneyo saichotsa. Akanati pikapu ya K18,000,000 idzatsala ndi K3,000,000, akanachotsa K15,000,000 yokha, K3,000,000 pachaka. Patatha zaka zisanu kuchotsa kukanaima, galimoto n'kutchedwa yotha, koma m'buku ili pa K3,000,000. Kuigulitsa pa K9,500,000 ndi zogulitsira zomwe zija kukanapereka phindu la K5,965,000, osati K8,965,000. Palinso ena omwe amasiya K1 yokha pa katundu aliyense wotha kuti asasowe m'kaundula. K1 imeneyo nayonso idutse mu akaunti yodutsira, apo ayi idzatsala ikulendewera mu leja zaka zambiri, aliyense akudabwa kuti ndi ya chiyani.

Apa ndi pomwe kuluza kumalowera, chifukwa ambiri amakhulupirira kuti galimoto yotha m'buku singaluzitse. Ingathe. Tinene kuti pikapu ya mtengo wotsalira wa K3,000,000 ija yafera kumunda, mvula yaikulu ya ku Mulanje yaidyetsa dzimbiri, ndipo ogula zitsulo ndi masipeya apereka K2,200,000 pokhapokha muwafikitsire nokha. Kuikoka kwadya K300,000. Zotsala m'manja ndi K1,900,000, mtengo wa m'buku ndi K3,000,000, ndiye mwaluza K1,100,000. Mu akaunti yodutsira debiti ndi yomwe yaposa, ndipo mumaitseka polemba debiti ku `Loss on Disposal`. Ngakhale galimoto ya pa ziro weniweni ingaluzitse: chigoba chogulidwa K250,000 chomwe kuchikoka kwadya K300,000 chasiya dzenje la K50,000. Ndipo galimoto yomwe yangotayidwa osalandirapo kanthu imafunabe mizere iwiri yoyamba ija, kuchotsa mtengo wogulira ndi kuchotsa mulu, ngakhale palibe phindu kapena kuluza koti mulembe.

Pa zogulitsira, samalani malire. Komishoni, kulengeza ndi kukoka ndi ndalama zomwe sizikanatuluka pakanapanda malondawo, choncho zimachepetsa phindu. Matayala omwe munagula mu Malichi galimoto ikugwirabe ntchito, kapena sevisi ya masiku onse, ndi zoyendetsera galimoto ndipo zikhale komwe zili. Kuzikokera ku akaunti yodutsira n'kufuna kuchepetsa phindu mwa njira yosayenera.

Funso lomwe limavutitsa ambiri ndi tsiku. Malonda a galimoto kwathu kuno sachitika tsiku limodzi. Wogula amapereka kaye chikole, amabwera ndi makaniko wake, amalonjeza zotsala kumapeto kwa mwezi akagulitsa nandolo, ndipo za bulu buku zimatsalira m'mbuyo. Galimoto imachoka m'buku tsiku lomwe wogula waitenga kukhala m'manja mwake, kuti ndiye akuiyendetsa, kuipindulira, ndipo ikagwa m'ngozi tsoka ndi lake. Chikole cha K2,000,000 cholandiridwa mu Ogasiti galimoto ikadali pabwalo panu si phindu, ndi ngongole yanu kwa wogulayo, ndipo chilembedwe choncho mpaka tsiku lopereka makiyi. Mbali inayo, ngati wogula watenga galimoto pa 30 Sepitembala atalipira K6,000,000 yokha, phindu lonse limalembedwa tsiku lomwelo pa mtengo wonse wa K9,500,000, ndipo K3,500,000 yotsalayo imakhala ngongole yomwe akukusungirani. Simudikira kuti amalize kulipira. Akadzalephera kulipira, imeneyo ndi nkhani ya ngongole yosabwezedwa, si yobwezera galimoto m'kaundula.

Tsikuli limakula mphamvu malonda akagwa kumapeto kwa chaka. Makiyi operekedwa pa 28 Disembala ndi operekedwa pa 3 Januwale amaika phindu la malondawo m'zaka ziwiri zosiyana. N'chifukwa chake kalata yoperekera galimoto, yosainidwa ndi mbali zonse ziwiri, yokhala ndi tsiku, nambala ya galimoto, nambala ya chasisi ndi makilomita a pa wotchi, ndi pepala lofunika kuposa ena onse mu fayilo.

Kunena za msonkho, pali zinthu ziwiri zosiyana zomwe siziyenera kusakanizidwa. Choyamba ndi VAT. Ngati kampani inalembetsa VAT ndipo malonda a galimoto imeneyi akugwa mu msonkhowo, gawo la VAT si lanu ndipo sililowa mu phindu. Vuto limabwera pomwe bwana wagwirizana ndi wogula "naini pointi faifi" pakamwa, osatchula za msonkho. Wogula sadzawonjezera kanthu, ndiye msonkho uchokera m'kati mwa K9,500,000 momwemo. Pa mlingo wa 16.5% womwe unalipo mu Sepitembala 2025, masamu ake ndi awa:

```
9,500,000 / 1.165 = 8,154,506
9,500,000 - 8,154,506 = 1,345,494
```

K1,345,494 ikupita kirediti ku akaunti ya VAT yolipira ku MRA, ndipo mu akaunti yodutsira mukulowa K8,154,506 yokha. Phindu latsika ndi ndalama yonse ya msonkhoyo. Gwiritsani ntchito mlingo wa tsiku la invoisi yanu, ndipo funso loti galimoto yanuyo ikulipira VAT kapena ayi liyankhidwe mtengo usanatchulidwe kwa wogula.

Chachiwiri ndi msonkho wa pa phindu. A MRA satsata dipulisiyeshoni ya m'mabuku mwanu. Ali ndi kuchotsera kwawo kwa pa katundu, komwe kumawerengedwa pa mtengo wotsala chaka ndi chaka, choncho kumanka kuchepa ndipo sikufika pa ziro m'zaka zisanu. Galimoto yomwe kwa inu ili pa ziro, m'mapepala a msonkho idakali ndi mtengo. Pokonza msonkho wa chaka, phindu la m'buku la K8,215,000 limachotsedwa lonse, ndipo m'malo mwake mumalowa kusiyana kwa zomwe mwalandira ndi mtengo wotsala wa ku msonkho. Tiyerekeze kuti tebulo lanu la msonkho likusonyeza kuti pikapu ndi injini yake zatsala pa K3,900,000. Kuchotsa imeneyo pa K8,965,000 kukusiya K5,065,000, ndipo pa mlingo wa makampani wa 30% msonkho wake ndi K1,519,500. Amene wangotenga phindu la m'buku n'kulikhomera msonkho walipira mopyola. Amene sanalembe malondawo n'komwe wabisa ndalama yokhomeredwa msonkho, ndipo akupitiriza kupempha kuchotsera pa galimoto yomwe alibe. Mzere wa galimotoyo uchoke m'tebulo la msonkho chaka chomwecho.

Mipingo, zipatala ndi mabungwe othandiza anthu ali ndi china chowonjezera. Galimoto yomwe inalowa m'dziko mosalipira msonkho wa kasitomu sigulitsidwa chigulitsire. Kafunseni kaye ku MRA, chifukwa pangakhale msonkho wolipira umwini usanasinthe, ndipo ngati ukulipidwa ndi wogulitsa, umalowa m'gulu la zogulitsira n'kudya phindu. Ngati galimotoyo inagulidwa ndi ndalama za opereka thandizo, mgwirizano wawo ndi womwe umanena komwe ndalama za malondawo zipite.

Pali funso lomwe mwini bizinesi aliyense amayenera kulifunsa akaona phindu la mamiliyoni asanu ndi atatu pa galimoto yakale: kodi talemera? Yankho loona ndi lakuti phindu limeneli mbali yaikulu ndi kubweza zomwe zinachotsedwa mopyola. Kwa zaka zisanu mabuku ankati galimoto ikudya K3,600,000 pachaka, pomwe zoona zake inagwira ntchito pafupifupi zaka zisanu ndi zitatu n'kutsalabe ndi mtengo. Zaka zoyambirira zinasenza katundu wolemera kuposa woyenera, 2023 ndi 2024 zinakwera ulere, ndipo 2025 yalandira mphatso. IAS 16 imafuna kuti zaka zogwira ntchito ndi mtengo wotsalira ziziunikidwanso kumapeto kwa chaka chilichonse. Wosunga mabuku akanaona mu 2021 kuti pikapu idakali yolimba, akanatambasula zotsalazo pa zaka zambiri. Mwayi umenewo umatha galimoto ikafika pa ziro, chifukwa palibenso chotambasula.

Mbali ina ya phinduli ndi kugwa kwa kwacha. Kwacha inatsitsidwa ndi 25% mu Meyi 2022 ndi 44% mu Novembala 2023, ndipo magalimoto, omwe onse amachokera kunja, anakwera nawo mtengo, akale omwe. K9,500,000 ya 2025 si theka la K18,000,000 ya 2018 pa zomwe ingagule. Mabuku owerengera pa mtengo wogulira saona zimenezi, amangoona manambala. Choncho ndalama imeneyi isagawidwe ngati phindu la malonda, ndipo pa koparetivu isalowe m'masamu a bonasi ya mamembala popanda kukambirana, chifukwa galimoto yolowa m'malo idzafuna yonseyo ndi zina pamwamba. Pa lipoti la kayendedwe ka ndalama, phinduli limachotsedwa ku mbali ya ntchito za tsiku ndi tsiku, ndipo ndalama yeniyeni yomwe yalowa imaonekera ku mbali ya kugula ndi kugulitsa katundu wokhalitsa. Kulisiya mbali zonse ziwiri n'kuwerenga ndalama imodzi kawiri.

Popeza galimoto ya pa ziro imapereka phindu pafupifupi pa mtengo uliwonse, ndi katundu wosavuta kumugulitsa motchipa popanda wodandaula. Pikapu yoyenera K9,500,000 ikagulitsidwa kwa mlamu wa manijala pa K2,000,000, mabuku aonetsabe phindu la K2,000,000 ndipo palibe nambala yofiira yomwe idzaonekere. Mtengo wa m'buku sunena kanthu za mtengo wa pamsika. Chotchinjiriza ndi mapepala omwe amakonzedwa malonda asanachitike: chilolezo cholembedwa cha eni kampani kapena komiti, kuyesa mtengo kochokera kwa munthu wodziwa magalimoto yemwe sakugula nawo, ndi mitengo ya ofuna kugula angapo yolembedwa. Wogula akakhala dairekitala, wantchito kapena wachibale wawo, zimenezo zilembedwe poyera m'maminitsi, ndipo ndalama zidutse ku banki, osati m'thumba la munthu.

Jenala ikalembedwa, kaundula wa katundu ndiye wotsatira. Mzere wa pikapu usafufutidwe. Ulembedwe kuti yagulitsidwa, ndi tsiku, dzina la wogula, mtengo, nambala ya lisiti, nambala ya jenala ndi phindu lomwe lapezeka, kenako usamutsidwe ku tsamba la katundu wochoka kuti usaphatikizidwenso ndi otsala. Mzere wa injini uchitidwe chimodzimodzi. Pa tebulo la katundu la kumapeto kwa chaka, pa mzere wa zochoka padzaoneka K20,400,000 ku mbali ya mtengo wogulira ndi K19,650,000 ku mbali ya mulu wa dipulisiyeshoni, ndipo kusiyana kwake ndi K750,000 ija. Manambala awiriwa akapanda kutuluka choncho, bwererani ku akaunti yodutsira.

Kunja kwa leja kwatsala ntchito yomwe ikachedwa imabweretsa milandu. Umwini usinthidwe ku ofesi ya Road Traffic msanga, ndipo kope la bulu buku lakale ndi umboni wa kusinthako zisungidwe mu fayilo, chifukwa galimoto ikadali m'dzina la kampani, ngozi kapena chindapusa cha pamsewu wa ku Muloza chidzayamba kugogoda pakhomo panu. Dzina la kampani lolembedwa pa zitseko lifufutidwe galimoto isanatuluke pageti. Khadi la mafuta la galimotoyo litsekedwe tsiku lomwelo. A inshuwalansi auzidwe mwa kalata. Ngati munalipira K480,000 ya chaka chonse mu Januwale, ya miyezi itatu yotsala ndi K120,000: yomwe angakubwezereni ichepetse ndalama ya inshuwalansi ya chaka chino, yomwe sangabweze ikhale momwemo ngati yowonongeka, koma zonse ziwiri zisalowe mu akaunti yodutsira, chifukwa si gawo la mtengo wa galimoto.